Andipempha kuti nditsegule mwambo wokumbukira mnzathu kuntchito, ndiyambe bwanji?

aNaphiri a ku Kanengo: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhawa. Kukampani kwathu kuno ku Kanengo tinataya dalaivala wathu wamkulu masabata atatu apitawa. Anagwira nafe ntchito zaka 14. Tinakawagoneka kwawo ku Linthipe, koma pa anthu 70 amene tilipo anapita ndi 12 okha chifukwa ntchito sinayime. Ndiye Lachisanu lino 2 koloko masana tikhala ndi mwambo wowakumbukira mu kantini, ndipo abale awo abwera. Abwana andiuza kuti ine ndiyendetse mwambo ndi kutsegula. Sindinachitepo. Ndalemba mawu otsegulira, akwana masamba awiri, koma ndikawerenga ndikumva kuti china chake sichili bwino. Chiyambi chake ndi ichi: "Ndine wokondwa kukulandirani nonse. Ulemu wanga upite kwa abwana akulu, achiwiri awo, akulu a nthambi zonse, akapitawo, ndi antchito anzanga. Malemu anabadwa m'chaka chakuti, anaphunzira ku sukulu yakuti, anayamba ntchito kuno m'chaka chakuti, ndipo anamwalira ku chipatala atadwala shuga." Kenako ndafotokoza mmene ndinkawadziwira ineyo. Ndithandizeni.

Mayi a ku Chilinde: Pepani aNaphiri ndi zovutazi. Mulungu akutonthozeni nonse kumeneko.

Wa ku Mitundu: Pepani kwambiri. Koma mwauza kale amfumu? Mwambo wa maliro sungayambe amfumu asanalankhule, ndiwo amapereka chilolezo, komanso ndiwo amauza adzukulu. Musalumphe pamenepo, mudzalipira mbuzi.

aNaphiri a ku Kanengo: Ayi achimwene, maliro tinayika kale ku Linthipe ndipo zonse za amfumu zinachitika komweko. Uwu ndi mwambo wa kuntchito chabe, wa ola limodzi, kuti amene sanapite apeze mpata wolira ndi kupepesa banja.

Wa ku Mitundu: Ohoo, ndawerenga mothamanga, mundikhululukire. Komabe funsani ngati pagulu la abale obwerawo pali amfumu kapena nyakwawa. Kwathu kuno nthawi zambiri banja silipita lokha kumalo otere.

Bambo a ku Kawale: Mawu omalizawa a Wa ku Mitundu musawataye aNaphiri, ndibwereranso pamenepo. Ine ndayendetsa miyambo yotere kangapo, kumpingo ndi kuntchito komwe ndinapumira. Zimene mukumva kuti sizili bwino ndikuzionamo zinayi m'mizere yochepa imene mwatipatsayi, koma ndiyambe ndi yaikulu. Abale a malemu simunawatchule n'komwe. Mwatchula abwana, achiwiri awo, akapitawo, koma mayi amene wataya mwamuna, amene wakwera minibasi kuchokera ku Linthipe, kutsika ku depoti, kukweranso ina ya ku Kanengo, dzina lake mulibe. Anthu amenewa akhala kutsogolo akukuyang'anani, ndipo malo ano ndi achilendo kwa iwo. Mawu anu oyamba ndi amene adzawauze ngati abwera ngati eni mwambo kapena ngati oonerera.

Chachiwiri ndi mawu akuti "ndine wokondwa". Amenewo ndi a paukwati ndi pamsonkhano. Pamaliro sitikondwa, ndipo ngakhale "takulandirani ndi manja awiri" samveka bwino. Nenani "zikomo chifukwa chobwera", basi.

aNaphiri a ku Kanengo: Iii, zoonadi bambo. Ndachita manyazi. Banja ndinaliyika kumapeto kwa tsamba lachiwiri pothokoza.

Mlembi wa ku Kapitolo: Musachite manyazi achemwali, ndi mmene tinazolowerera pamisonkhano. Koma ine ndisiyana pang'ono ndi Bambo a ku Kawale. Ndondomeko ya ulemu ilipo ndipo ili ndi chifukwa chake. Kumalo a ntchito mwini malo ndi bwana wamkulu, ndiye amatchulidwa poyamba, kenako ena motsatana maudindo awo, kenako alendo. Mukasintha mukhoza kukhumudwitsa anthu amene mudzakhala nawobe Lolemba, pamene abale adzakhala atapita. Onani mmene mwambo wa malemu Dr Saulos Chilima unayendera ku bwalo la Bingu mu Juni 2024, aliyense wolankhula ankayamba ndi atsogoleri motsatana.

Bambo a ku Kawale: A Mlembi, uwo unali mwambo wa boma, panali mtsogoleri wa dziko, ndipo ndondomeko yake imakonzedwa ndi anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo. Apa tikunena za kantini ya anthu 70 amene amadyera limodzi nsima masana aliwonse. Sindikuti abwana asatchulidwe. Ndikuti atchulidwe mu mpweya umodzi, "abwana athu ndi akuluakulu onse a kampani", osati mmodzimmodzi ndi udindo wake. Mukayamba kuwerenga maudindo 8, mphindi yathunthu yapita dzina la malemu lisanamveke, ndipo mukaiwala mmodzi ndiye mwapalamula mlandu umene simukadapalamula. Njira yothetsera mantha anuwo ndi yapafupi: aNaphiri apite kwa abwana Lachinayi, awauze kuti "ndikufuna kuyamba ndi banja, kenako inu". Sindinaonepo bwana wokana akauzidwa pasadakhale. Chimene chimawawa ndi kudzidzimutsidwa pagulu.

Mlembi wa ku Kapitolo: Za kukawauza abwana pasadakhale ndagwirizana nazo. Koma ineyo kwathu kuno ndikadayambabe ndi mwini malo. Malo amasiyana.

Emusi wa ku 25: Ndalowa mochedwa. Ine ndimayendetsa maukwati ndi zinkhoswe pafupifupi Loweruka lililonse, ndiye za maikolofoni ndimazidziwa. Achemwali, masamba awiri ndi ambiri. Lamulo langa ndi lakuti wotsegula asapose mphindi 2. Ndipo musawerenge papepala, anthu amaona ngati simukuchokera pansi pa mtima. Lowezani. Komanso yambani ndi kankhani kopepuka ka malemu kuti anthu amasuke, mwina kanthu koseketsa kamene ankakonda kunena. Wolankhula aliyense muzimukweza bwino, anthu amulandire.

Mayi a ku Chilinde: Za mphindi 2 ndikuvomera, koma zoloweza ayi achimwene. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Zaka zingapo zapitazo kusukulu imene ndinkaphunzitsa tinataya mphunzitsi mnzathu, ndipo ine ndinatsegula mwambo wake. Ndinaloweza bwinobwino usiku wonse. Nditaimirira n'kuona mwana wake wamng'ono atavala yunifolomu ya sukulu yathu yomweyo, mutu unangoti zii. Ndinaima osalankhula, misozi ili mbwembwembwe, ndipo nditayamba ndinatchula dzina la mchimwene wa malemu, amene anali pompo wamoyo, m'malo mwa dzina la malemu. Anthu anang'ung'udza, mayi awo anawerama. Mpaka lero zimandipweteka ndikakumbuka. Ndikadakhala ndi pepala m'manja sizikadachitika. Lembani aNaphiri, zilembo zikuluzikulu, dzina la malemu mulilembe mzere pansi. Palibe amene adzakuderereni chifukwa cha pepala.

aNaphiri a ku Kanengo: Pepani mayi, zimenezo ndi zomwe ndikuopa. Malemuwa ankandinyamula m'mawa uliwonse pa siteji ya ku 18. Sindikudziwa ngati ndidzalimba.

Bambo a ku Kawale: N'chifukwa chake mawu anu ayenera kukhala ochepa, ndipo nkhani ya pa siteji ya ku 18 isakhalemo. Sikuti ndi yoipa, koma ndi pamene mawu adzakutsamwireni, ndipo mukagwa inu mwambo wonse ulibe wougwira. Mukafuna kuinena, inenereni kwa mayi a malemu pambali mwambo ukatha, adzaisunga kuposa mmene gulu lingaisungire.

A Emusi, pa utali mwalondola, koma zina ziwirizo ndi za paukwati. Kankhani koseketsa kali ndi malo ake, ndipo malo ake ndi pakamwa pa dalaivala mnzawo amene anayenda nawo maulendo a ku Mzuzu ndi ku Blantyre, pakati pa mwambo, anthu atakhazikika. Kakachokera kwa wotsegula, pamene banja langokhala kumene pansi, kamamveka ngati kupeputsa. Ndipo chizolowezi chakuti "tiwalandire ndi m'manja" chimatuluka chokha pakamwa munthu asanaganize. Pamwambo uwu palibe kuwomba m'manja, wolankhula asanayambe ngakhale atamaliza. Mungoti "zikomo bambo", mudikire akhale pansi, kenako muitane wotsatira.

Emusi wa ku 25: Pa m'manja mwandigwira bambo, ndinachitapo pa mwambo wina wa chiliza, ndinazindikira nditanena kale. Koma pa kankhani ndikuumirirabe. Anthu akangokhala duu kuyambira pachiyambi, olankhula enawo amauma pakamwa.

Bambo a ku Kawale: Kukhala duu kwa mphindi 5 zoyambirira si vuto pamwambo wotere, ndi chimene anthu abwerera. Koma tisakangane, aNaphiri amadziwa anthu awo.

Ndibwerere ku zinayi zija, zatsala ziwiri. Chachitatu ndi mbiri. Anabadwa liti, anaphunzira kuti, anayamba ntchito liti, imeneyo ndi mbiri ya malemu, ndipo papulogalamu payenera kukhala munthu woiwerenga, kawirikawiri wa ku ofesi yoona za antchito chifukwa ndiye ali ndi fayilo. Inu mukainena poyamba, mnzanuyo adzaimirira ndi pepala limene mwamutha kale mawu, ndipo choipa kwambiri n'chakuti zaka zanu ndi zake zikhoza kusiyana pamaso pa banja. Inu mungonena dzina lonse, ntchito imene ankagwira, zaka zimene anakhala nanu, ndi kumene munawagoneka. Zimenezi zikwana m'ziganizo ziwiri.

Chachinayi ndi matenda. Chotsani mawu a shuga ndi a chipatala. Chimene chinatenga munthu ndi nkhani ya banja. Mwina kuntchito munamva shuga pamene kumudzi anauzidwa zina, mwina ana sanauzidwe zonse. Ngakhale mawu akuti "atadwala nthawi yaitali" amayambitsa manong'onong'o. Nenani "anatisiya pa tsiku lakuti". Ngati malume awo afuna kufotokoza, adzafotokoza okha.

aNaphiri a ku Kanengo: Ndamva bambo. Nanga olankhula ndiwatchule bwanji? Alipo 5. Wotsogolera pemphero, amene ndi mnzathu wa mu sitolo, mkulu wa mpingo wa CCAP womwenso malemu ankapemphera. Kenako wa ku ofesi ya antchito, kenako dalaivala mnzawo, kenako abwana, kenako wa kubanja. Ndinaganiza zoti ndiitane mayi a kunyumba kwawo kuti alankhule.

Mayi a ku Chilinde: Ayi ayi, musawaitane mayiwo pa chimkuzamawu musanafunse. Masabata atatu ndi ochepa kwambiri. Namfedwa nthawi zambiri salankhula pagulu, pamakhala womulankhulira.

Wa ku Mitundu: Apa ndiye ndikudziwapo. Kwa ife Achewa wolankhulira banja ndi mwini mbumba, atsibweni, kapena mchimwene wamkulu wa malemu. Ndipo pali mbali ziwiri, akuchimuna ndi akuchikazi. Mukaitana mmodzi mwa inu nokha, mbali inayo ikhoza kudandaula kuti kampani yasankha mbali. Imbani foni kubanja, anene okha kuti wolankhula ndi uje. Ndipo ngati abwera ndi amfumu, amfumuwo muwatchule patsogolo pa onse, ngakhale salankhula.

Bambo a ku Kawale: Ndi pamene ndimati ndibwererapo paja. Foni imeneyo muimbe mawa, osati Lachisanu m'mawa, ndipo mufunse zinthu zitatu: akubwera ndani ndi ndani, wolankhula ndani ndipo ndi ndani wawo wa malemu, komanso dzina lake amafuna litchulidwe bwanji. Ena amafuna mfunda, ena dzina la bambo awo. Lembani monga akunenera ndipo muwawerengere kuti atsimikize. Funsaninso mwaulemu ngati pali ana a malemu a kwina amene abwere. Zikakhala choncho musatchule ana mayina, mungoti "ana onse a malemu", kuti pasapezeke wotsala.

Potchula olankhula, aliyense chiganizo chimodzi: dzina, ndi chimene chikumulumikiza kwa malemu. Si malo onena masukulu amene munthu anapita. Abwana amene aliyense amawadziwa safunika kuwafotokoza, mungoti alankhula m'malo mwa kampani. Ine ndimatchula onse kamodzi pachiyambi motsatana, kuti aliyense adziwe nthawi yake ndipo banja lidziwe kuti mwambo ndi wautali bwanji, kenako poitana ndimangotchula dzina. Za mphindi zimene aliyense wapatsidwa muwauze kumbali mwambo usanayambe. Kunena pa maikolofoni kuti "malume muli ndi mphindi 3" n'kupanda ulemu.

Mlembi wa ku Kapitolo: Funso langa ndi la chilankhulo. Abwana anu amamva Chichewa?

aNaphiri a ku Kanengo: Abwana akulu ndi ochokera kunja, amamva pang'ono. Ena tonse timamva. Abale a malemu Chingerezi sindikukhulupirira.

Mlembi wa ku Kapitolo: Ndiye lankhulani Chichewa, ndipo musamasulire chiganizo chilichonse, mphindi 2 zija zisanduka 4. Mupatseni abwana pepala lomasuliridwa kale, kapena wina akhale pambali pawo aziwanong'oneza. Koma iwo akamalankhula Chingerezi, pakhale womasulira woimirira, chifukwa mawu awo akupita kwa banja. Womasulirayo musakhale inu, mudzatopa.

aNaphiri a ku Kanengo: Zikomo nonse. Ndakhala pansi ndalembanso. Mayina ndayika "Uje" pano. Onani:

"Zikomo nonse chifukwa chobwera. Mayi a kunyumba kwa malemu, ana, malume ndi abale onse amene mwachokera ku Linthipe, pepani, ndipo zikomo kuti mwalola kudzakhala nafe. Abwana athu, akuluakulu a kampani ndi antchito anzanga, zikomo.

Takumana masana ano kudzakumbukira Bambo Uje, dalaivala wathu wamkulu, amene tinagwira nawo ntchito zaka 14. Anatisiya pa tsiku lakuti, ndipo tinawagoneka kwawo ku Linthipe. Ambiri a ife sitinathe kukawaperekeza, n'chifukwa chake tapatula ola lino kuti tilire pamodzi ndi banja.

Mwambo wathu uyenda motere. Bambo Uje a mu sitolo, amene ankapemphera mpingo umodzi ndi malemu, atitsogolera m'pemphero. Mayi Uje a ku ofesi ya antchito atiwerengera mbiri ya malemu. Bambo Uje, amene anayenda nawo pamsewu zaka 9, alankhula m'malo mwa madalaivala. Abwana athu alankhula m'malo mwa kampani. Pomaliza timva kuchokera kwa Bambo Uje, malume a malemu, m'malo mwa banja.

Tisanayambe, ndipemphe amene mungathe kuti tiimirire, tikhale chete kwa mphindi imodzi."

Ndawerenga mokweza ndi wotchi ya pafoni, zatenga mphindi imodzi ndi masekondi 20.

Mayi a ku Chilinde: Apa ndiye zakhala bwino. Mawu akuti "amene mungathe" ndawakonda, chifukwa pakhoza kukhala agogo.

Bambo a ku Kawale: Zili bwino kwambiri aNaphiri. Dziwani kuti kunyumba munawerenga mothamanga, Lachisanu zidzafika mphindi 2 chifukwa mudzapuma pambuyo pa "pepani" ndi pambuyo pa dzina la malemu, ndipo muyenera kupuma pamenepo. Ndingosintha ziwiri. "Takumana masana ano kudzakumbukira" ndi mawu abwino, koma dzina la malemu litchuleni lonse, ndipo ngati panali dzina limene aliyense ankawaitanira pa geti, limene silonyoza, mukhoza kuwonjezera kuti "amene ambiri tinkawatcha kuti akuti". Funsani banja kaye.

China ndi mphindi ya chete ija. Ikhaledi mphindi. Ambiri amaidula pa masekondi 15 chifukwa woyendetsa mwambo amamva ngati papita nthawi yaitali. Ikani foni patebulo muziyang'ana wotchi, kapena werengani mumtima pang'onopang'ono mpaka 60. Ndipo konzani mawu oitsekera, apo ayi anthu adzangoima osadziwa chochita. Nenani "Mzimu wawo uuse mumtendere. Zikomo, tikhale pansi", kenako itanani wa pemphero. Popeza ndi ku Kanengo, pemphani kuti makina ndi malole a pabwalo azimitsidwe ola limenelo. Ndinaonapo mphindi ya chete ikuchitika lole ikulira pazenera ikubwerera m'mbuyo.

Emusi wa ku 25: Ndipo yesani chimkuzamawu 1 koloko, anthu asanalowe. Musadzayambe ndi kugogoda maikolofoni banja litakhala kale. Ngati magetsi athima, anthu 70 mu kantini akumvani ndi mawu anu, ingoimani pafupi. Chinanso, mawu oti anthu atseke mafoni asakhale m'mawu anu otsegulira. Wina anene zimenezo anthu akulowa.

Wa ku Mitundu: Nanga chipepeso? Sindinachione papulogalamu. Kumaliro timalengeza kuti akuntchito apereka zakuti, aliyense amve. Mukapanda kulengeza, ndalama zimasowa ndipo abale amakayikirana.

aNaphiri a ku Kanengo: Tasonkha ndithu, envulopu ilipo. Sindinadziwe poiyika.

Bambo a ku Kawale: M'mawu otsegulira isalowemo, pamenepo ndikutsimikiza. Abwana akamaliza kulankhula angapereke envulopu m'manja mwa woimira banja, anthu akuona. Koma ine kuchuluka kwake sindingakutchule pa maikolofoni. Ndingalembe papepala, asayine anthu awiri a kubanja, mmodzi wa mbali iliyonse. Ndipo nkhani za penshoni ndi ndalama zina za malemu zisatchulidwe n'komwe mu kantini, zimenezo akakambirane mu ofesi mwambo ukatha.

Wa ku Mitundu: Apa bambo sindikugwirizana nanu. Chonenedwa pagulu chili ndi mboni zambiri kuposa pepala. Mayi wamasiye amatetezeka anthu akamva.

Mayi a ku Chilinde: Koma nthawi zinanso akamva kuchuluka kwake ndi pamene amamuvutitsa akafika kumudzi. Ndaziona zonse ziwiri. Pa foni ija ya mawa afunseni eni ake.

Mlembi wa ku Kapitolo: Kanthu kena kamene palibe wakatchula. Lachisanu masana anzathu Achisilamu amakhala ku mzikiti. Ngati mulipo nawo, 2 koloko mwina adzakhala akubwerera kumene. Ndipo minibasi ya ku Linthipe ikachedwa mudzatani?

aNaphiri a ku Kanengo: Alipo 6, ndiwafunsa mawa ngati nthawiyo ikuwakwanira. Za abale, abwana avomera kutumiza galimoto ya kampani kukawatenga m'mawa, adzadyera konkuno. Koma zikachitika kuti achedwabe, ndiyambe kapena ndidikire?

Bambo a ku Kawale: Dikirani. Mawu anu oyamba akupita kwa iwo, simungawanene kwa mipando. Ikakwana 2 koloko asanafike, imani mungonena kuti abale ali m'njira ndipo tiyamba akafika, kenako pemphani wa pemphero uja ayambitse nyimbo imene anthu amaidziwa. Akafika musathamangire maikolofoni. Wina awalandire pakhomo, awaonetse pokhala, awapatse madzi, ndipo inu mupite mukawapatse moni ndi kutsimikiza dzina la wolankhula, chifukwa nthawi zina amene anatchulidwa pafoni sabwera ndipo pabwera wina. Mukatero ndiye muime.

aNaphiri a ku Kanengo: Ndalemba zonse. Mawa m'mawa ndiimba ku Linthipe, masana ndikaonana ndi abwana za kuyamba ndi banja. Za envulopu ndimva kwa malume awo. Ndikufunsanso wa ku ofesi ya antchito kuti akhale pafupi nane ndi pepala lina lofanana, kuti mawu akandithera apitirize iye.

Mayi a ku Chilinde: Mwachita bwino pamenepo. Tengani ndi botolo la madzi. Mudzatiuze mmene zayendera.